Ndowa za Kachewere

A Geraldo, kapitawo wa msika wa ku Kalomwe, anakwera pa chitsa n'kukuwa mpaka mawu kusasa.

"Amayi ndi abambo, mukatha kuphika muzizimitsa moto ndi madzi! Zomakwirira makala ndi phulusa poopa kukapala moto kwa anzanu zitheretu. Zisakasa zathuzi n'zaudzu, ndipo mphepo ya chilimwe mukuidziwa. Aliyense akhale ndi ndowa ya madzi pambali!"

"Tamva, akapitawo," anthu anavomera.

A Geraldo anatsika mtima uli zii. Koma pamsikapo ndowa inali muyeso wogulitsira mbatata ya kachewere. Ndani akanaikhazika ndi madzi, ogula mbatata ataima? Chitsimenso chinali kutali, kudambo.

Lachisanu masana kamvuluvulu anafukula phulusa pa mafuwa a mayi Bernadete, ophika nyemba, eniake atapita kokatola nkhuni. Moto unalumphira kudenga.

Anthu anakhuthulira kachewere pansi n'kuthamangira kudambo. A Geraldo anatsala akupuntha malawi ndi nthambi yaiwisi, utsi ukuwaliza misozi.

Pamene ndowa yoyamba inkafika, madzi ena atatayikira m'njira, msika wonse unali ukununkhira mbatata yootcha.