Kalata ya Ba Mwaanga kwa a Hedi

Kompyuta ija inafika pa sukulupo mu 1997, pa galimoto ya mishoni, itakutidwa ndi bulangete ngati wodwala malungo. Sukuluyo inali ya sekondale, kuseri kwa Palabana, ndipo chinthu chotero anali asanachionepo. A hedi, Ba Chileshe, anaiika m'kachipinda ka pafupi ndi ofesi yawo, nalamula kuti malikisi onse a mayeso a pa sukulu azilowetsedwa mmenemo.

Mnyamata amene anabwera kudzailumikiza anafunsa maina a aphunzitsi onse kuti aliyense akhale ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake. Ba Chileshe anakana kwamtuwagalu.

"Pano ndise banja limodzi," anatero. "Zobisana nizachani?"

Basi, mnyamatayo anatsegula akaunti imodzi yotchedwa TICHA. Pasiwedi anailemba pa kapepala, kapepalako nkukamata kunsi kwa kiyibodi kuti anthu asamavutike kukumbukira. Ndipotu zinkathandiza, tisanamizane. Mphunzitsi akapita ku maliro kapena ku Lusaka, ankangosiyira mnzake pepala la malikisi kuti amulowetsere.

Zinthu zinavuta chaka chotsatira, mayeso otsiriza a Giledi 10 atatha. Mayeso amenewo ndi amene ankasankha ana olowa kalasi ya sayansi, ndiye makolo ankawatsegulira maso. Lister Mwaanga, mphunzitsi wa masamu, mayi wosaseka ndi nambala, anatenga pepala losindikizidwa nkuyamba kuliyerekeza ndi buku lake la malikisi. Atafika pa dzina la Kondani Phiri anaima. M'buku munali 41. Pa pepala panali 71.

Anapita nazo kwa a hedi pompopompo, ali ndi mtima woti wagwira ntchito yabwino. Ba Chileshe anayatsa kompyuta. Pulogalamu ya malikisiyo inkasunga tsiku limene nambala yasinthidwa komaliza ndi dzina la amene wasintha. Panalembedwa Lachinayi, ola lachitatu masana, ndipo wosintha anali TICHA.

Pamenepo wina anakumbukira kuti Kondani ndi mwana wa mchemwali wake wa Tryness, taipisiti wa pa sukulupo. Wina anaonjeza kuti Tryness ndiye amatsegula ndi kutseka kachipinda kaja. Lisanathe tsiku nkhani inali itapsa kale. Ba Chileshe anamuuza Tryness kuti akhale kaye kunyumba mpaka bodi ya sukulu idzakumane Lachitatu, ndipo aliyense ankadziwa kuti bodiyo idzangomuchotsa ntchito.

Lister anamuona akukankha njinga yake kutuluka pa geti, osaikwera.

"Ba Mwaanga," anatero Tryness, "zaka naini nataipa mapepala yanu ya mayeso. Munamvelako kuti yatuluka panja?"

Lister anadziwa kuti Tryness akunena zoona. Mayeso ake anali asanatulukepo ndi kamodzi komwe. Mtima unamupweteka kwambiri, chifukwa moto umenewu anauyatsa ndi iye.

Mawa lake anayesa kulankhula ndi a hedi pakhonde. Koma Ba Chileshe, ee, munthu wabwino ndithu, kungoti khutu lawo linkatseguka pokhapokha nkhani ikabwera pa pepala, ili ndi deti pamwamba ndi siginecha pansi.

"Lembani, Ba Mwaanga," anatero akuyenda. "Nizabelenga."

Lamlungu atabwera ku tchalitchi anakhala pa tebulo ndi cholembera. Mapepala awiri oyamba anawang'amba, chifukwa ankamveka ngati akuwakalipira a hedi. Pepala lachitatu linayenda bwino mpaka anafika pamene ankapaopa. Anadzuka, nkukathirira ndiwo zake za rephu kuseri kwa nyumba, nkubwerera, nkudzukanso. Panali chinthu chimene ankachidziwa yekha, ndipo popanda chimenecho kalatayo ikanangokhala maganizo a mphunzitsi wa masamu wokonda kutsutsa. Koma akachilemba, ndiye kuti nayenso bodi imudziwa dzina. Anali ndi ana atatu, ndipo nyumba imene ankakhalayo inali ya sukulu.

Analemba.

Lolemba m'mawa, ana ali pa mzere, anaipereka m'manja mwa a hedi. Inali m'Chingerezi cha ku ofesi, koma mawu ake anali awa:

"Bambo Hedi, ndikulemba za malikisi a Kondani Phiri amene ndinabwera nawo kwa inu. Ndine ndinapeza kuti asinthidwa, koma sindinapeze amene anawasintha, ndipo kompyuta nayonso sinamupeze.

"Ikamalemba kuti wasintha ndi TICHA, ikutanthauza aliyense wodziwa pasiwedi. Ndawerenga: ndife aphunzitsi makumi awiri ndi mmodzi, inuyo, Mayi Tryness, ophunzira uphunzitsi anayi amene anali nafe teremu yatha, ndi aphunzitsi awiri amene anasamutsidwa koma amabwerabe kudzacheza. Pasiwedi sinasinthidwepo chiikireni. Ili kunsi kwa kiyibodi, ndipo mwana aliyense wosesa m'chipindamo angathe kuiwerenga. Kiyi amasunga Mayi Tryness, zoona, koma chitseko chimakhala chotsegula kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Komanso ambiri a ife tikamaliza timangodzuka osatuluka mu akaunti, wobwera pambuyo nkupitiriza pomwepo.

"Wolowa ngati TICHA angathe kusintha phunziro lililonse, ngakhale limene saphunzitsa. Lero nambala yakwera. Mawa wina atsitsa ya mwana amene wakangana ndi makolo ake, mwanayo ataya malo m'kalasi ya sayansi, ndipo sitidzadziwa. Mwinanso 71 ameneyu ndi chala chabe chimene chinaphonya. Zimenezonso sitingazidziwe.

"Kuti musayese kuti ndikungolankhula, tsegulani malikisi a masamu a teremu yoyamba, Giledi 10B, pa dzina la Nelesi Banda. Mupeza 40. M'buku langa muli 38. Mwanayo anali atangoika mayi ake m'manda, ndinamumvera chisoni, ndinamuonjezera ziwiri kuti akhoze. Ndinalakwa. Sindinauze munthu, ndipo miyezi isanu ndi itatu yapita popanda wondifunsa. Muone dzina limene kompyuta yalemba pamenepo.

"Ndikupempha izi. Aliyense akhale ndi akaunti yake ndi pasiwedi yodziwa yekha, ndipo azitha kusintha phunziro lake lokha. Buku la pulogalamuyi likusonyeza kuti zimatheka. Wochoka pa sukulu akaunti yake izitsekedwa tsiku lomwelo. Malikisi akalowa tizisindikiza, mwini phunziro ayerekeze ndi buku lake, asaine, inu mukhome kuti asasinthidwenso popanda inu, ndipo muziwasunganso pa disiketi yokhala m'kabati yanu. Za ine muchite zimene malamulo akunena. Koma Mayi Tryness musawachotse pa umboni umene ukuloza anthu pafupifupi makumi atatu."

Tsiku limenelo Lister anaphunzitsa ngati munthu wobwereka mutu. Anasokoneza chitsanzo pa bolodi mpaka ana a kutsogolo anamukonza, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Nthawi ya tiyi, Ba Matthias wa jogalafe anali pakati pofotokoza kuti iye anamukayikira kalekale Tryness, mayendedwe ake okha. Lister anangoika kapu pansi nkutuluka, kuopa kuti pakamwa pangamuthawe.

Cha m'ma leveni anaitanidwa. Anawapeza a hedi osati mu ofesi koma m'kachipinda ka kompyuta, magalasi ali pamphuno, akubaya mabatani ndi chala chimodzi. Pa sikilini panali dzina la Nelesi, 40, ndipo pambali pake TICHA. Kapepala ka pasiwedi anali atakamatula, kali m'dzanja lawo.

"Ba Mwaanga," anatero osatembenuka, "ngati simunalembe, sembe ninaziba bwanji?"

"Sembe simunazibe, Ba Hedi."

"Nanga ya Kondani, ndani?"

"Siniziba. Naimwe simuziba."

Ba Chileshe anavula magalasi, nkupukuta kumaso ndi dzanja.

"Nenze kufuna kuti tizikhulupililana," anatero motsitsa. "Manje onani, napisha munthu pa nchito chifukwa cha chinthu chamene ninapanga neka."

Lister anawamvera chisoni mkuluyo. Kunena zoona sanali munthu wouma mtima, anangokonda kwambiri mawu ake aja a banja limodzi.

"Kukhulupililana kuzankhalako," anatero. "Koma aliyense aziyankha pa zina yake."

"Na imwe muzayankha pa yanu. Muziba kuti sinizakusiyani chabe?"

"Niziba, Ba Hedi."

Lachitatu bodi inakumana, ndipo Ba Chileshe anawerenga kalata yonse, osadumpha mzere, ngakhale pamene pankawakhudza iwo eni. Kunali kukangana, wina akuti taipisiti achoke basi kuti ena atengerepo phunziro, wina akuti mphunzitsi wovomera yekha ndiye achoke. Wapampando, mlimi wa ng'ombe zamkaka wosakonda zolankhula zambiri, anafunsa funso limodzi: kodi alipo angaimirire nkunena kuti anamuona Tryness akusintha nambala? Panalibe amene anaimirira. Anagamula kuti malikisi a Kondani abwerere pa 41 ndi a Nelesi pa 38, mphunzitsi aliyense ayerekeze buku lake ndi za mu kompyuta, akaunti ya TICHA itsekedwe, ndipo Ba Mwaanga alandire kalata ya chenjezo yolowa m'faelo yawo. Amene anasintha za Kondani sanadziwike, ndipo mpaka lero sadziwika.

Poyerekeza mabuku aja panatuluka nambala zina zisanu ndi imodzi zosagwirizana, ziwiri mwa izo za jogalafe. Ba Matthias anati ndi chala chinaphonya, ndipo mwina ndi zoona. Kungoti kuyambira tsiku limenelo za mayendedwe a anthu anasiya kuzifotokoza.

Lachisanu m'mawa Lister akudutsa pa khonde anamva taipi ikulira mu ofesi, phokoso limene linasowa sabata yathunthu. Anasuzumira. Tryness anali pa mpando wake, duku lake labuluu kumutu, akutulutsa pepala m'makina. Atamuona Lister anaimirira, pepala lili m'manja, maso atadzaza misozi.

"Ba Mwaanga, nchito yoyamba yamene banipasa ni iyi," anatero. "Ni kalata yanu ya chenjezo. Nayesa kukana, Ba Hedi bakuti kulibe wina otaipa."

Lister anailandira nkuiwerenga yonse ataimirira pomwepo, kuyambira deti mpaka pansi. Mawu ake anali owawa ndithu, ndipo anali oti adzakhala m'faelo yake mpaka kupuma ntchito. Koma munalibe chilembo ndi chimodzi chomwe cholakwika.

"Mwataipa bwino, Ba Tryness," anatero. "Nipaseni bolopeni nisaine."