Bambo Amene Sindinawalembe Ntchito

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, mlonda wa pageti anandiimbira foni kuti kwabwera munthu wodzayamba ntchito.

"Ntchito yanji?" ndinafunsa. Ine ndi amene ndimalemba anthu ntchito pakampani pathu, kampani yosunga ndi kugawa mankhwala, ndipo mwezi umenewo ndinali ndisanalembe ngakhale wosesa.

"Akuti ya zamagetsi. Akutinso mukudziwana bwino, madamu."

Ndinadziwiratu chimene chikubwera.

Analowa bambo wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, shati yoyera yositidwa bwino, nsapato zopolisha, m'manja bokosi lachitsulo la zipangizo. Atangondiona nkhope yawo inawala ngati aona mbale wawo wapamimba.

"Mayi, ndinu nomwe! Ngati pachithunzi paja," anatero. "Mwana uja ali bwanji? Chifuwa chija chasiya?"

Ine ndilibe mwana. Ndinawauza kuti akhale pansi, ndipo ndinatseka chitseko.

Nkhani yake ndi iyi. Pali tsamba lija la pa intaneti limene anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo kuti owalemba ntchito awaone. Inenso ndilipo, ndi chithunzi changa, dzina langa ndi udindo wanga. Anthu ena opanda umunthu anakopera zonsezo n'kutsegula akaunti ina yonamizira kuti ndine. Ndinali nditawanenera kawiri kwa eni tsambalo. Ulendo uliwonse akauntiyo inkatsekedwa, koma pasanathe sabata ina inkamera ngati bowa. Ndinapempha abwana kuti tiike chenjezo patsamba la kampani ndi pageti, iwo anakana, akuti tiipitsa dzina la kampani. Ndinakwiya, koma ndinakwiyira mumtima ngati mmene timachitira tonse olipidwa pamwezi.

"Bambo, ndionetseni mauthenga amene takhala tikulemberana," ndinatero.

Anatulutsa foni mosangalala. Uthenga woyamba unafika patsamba lija masabata asanu apitawo. Unkati ndaona mbiri yawo, ndachita nayo chidwi, ndipo tikufuna mkulu woyang'anira magetsi a zipinda zathu zoziziritsira mankhwala. Malipiro ake anali oposa kawiri amene ankalandira kuhotela kumene anagwirako zaka khumi ndi chimodzi. Uthenga wachitatu unawapempha kuti asiye kulemba patsambalo, azilemberana pa nambala ya foni. Intavyu yonse inachitika polemberana mauthenga. Atapempha kuti aonane pa vidiyo, anauzidwa kuti kamera yawonongeka. Tsiku lotsatira ntchito inali yawo.

Kalata yowalemba ntchito inali yokongola kuposa zimene ndimalemba ine. Chizindikiro cha kampani chinalipo, chidindo chinalipo, ndi siginecha imene sindinaionepo chibadwire. Koma adiresi ya imelo imene inachokera inali ya maimelo aulere amene aliyense angatsegule ali pabedi, kungoikapo dzina la kampani kutsogolo.

"Munatumiza chiyani?" ndinafunsa.

"Zonse zimene munanena. Chiphaso, masatifiketi, nambala ya akaunti yakubanki. Ndi ndalama zija za kuchipatala ndi za yunifolomu." Anayamba kundiyang'anitsitsa. "Lachisanu munanenanso za khadi yolowera pageti. Zimenezo ndiye ndalephera, mayi. Ndati ndingobwera ndekha ndidzakupempheni kuti mudzadule pamalipiro."

Palibe njira yabwino youzira munthu zinthu zoterezi. Ndinawatembenuzira kompyuta yanga n'kuwaonetsa akaunti yanga yeniyeni, ya zaka zisanu ndi zitatu, yolumikizana ndi anthu mazana ambiri a pantchito. Kenako tinatsegula inayo pafoni yawo. Nkhope yomweyo, dzina lomwelo, koma yotsegulidwa miyezi iwiri yapitayo, anzake khumi ndi anayi. Ndinawaonetsanso tsamba la kampani pamene timalengeza ntchito zonse. Ya zamagetsi panalibe.

"Si ine amene mwakhala mukulankhula naye, bambo. Kuno kulibe ntchito imeneyi. Ndipo ife sitiuza munthu kuti alipire kanthu kuti alembedwe ntchito, olo khobidi limodzi."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akudikira kuti mnzake anene kuti amangocheza. Ine sindinanene. Anaika foni pathebulo pang'onopang'ono.

Mwambi uja wa safunsa unandifika pakamwa, koma ndinaumeza. M'malo mwake ndinafunsa mofatsa chifukwa chimene sanaimbire foni kukampani kuno, kapena kungofika pageti. Nambala yathu ili patsamba lathu ndi pagalimoto zathu zonse.

"Ndadutsa pageti panu kawiri," anayankha. "Ulendo wachiwiri ndinatsika basi, ndinaima tsidya lina la msewu n'kumayang'ana mawaya olowa m'chipinda cha jenereta. Koma munandiuza... anandiuza kuti ndisaimbe, ndisafike, chifukwa munthu amene ndikudzalowa m'malo mwake sanauzidwebe kuti akuchotsedwa. Akuti ndi bambo wa ana, akudwaladwala, amve kuchokera kwa abwana ake osati kwa mlendo. Ndinaona kuti n'zoona. Inenso sindingafune kumvera pageti kuti ntchito yanga yatha."

Apa ndiye pamene ndinapsa mtima zenizeni. Anthu amati oberedwa motere ndi adyera kapena opusa. Bambo awa sanawakole ndi dyera. Anawakola ndi ulemu wawo, n'kuwatsekera khomo lokhalo limene likanawapulumutsa. Foni imodzi ya mphindi ziwiri, pa nambala yoipeza okha, bwenzi zonse zitathera pomwepo.

"Kuhotela kuja munatsanzika?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Ndinapereka notisi ya mwezi. Yatha Lachisanu. Anzanga anandigulira wotchi iyi."

Ndalama zinali zitapita, zimenezo tonse awiri tinkadziwa. Chimene chinatsala choti n'kupulumutsa chinali ntchito yawo yakale, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sachoka muofesi mwanga tisanayesere.

Tinayamba ndi zimene zinkatheka. Ndinawauza kuti asayankhenso uthenga uliwonse, ngakhale wotukwana, komanso asafufute kanthu. Tinajambula mauthenga onse, nambala ya foni, adiresi ya imelo ndi malisiti a ndalama zimene anatumiza, ndipo ndinawasindikizira papepala kuti apite nazo kupolisi. Anaimbira kubanki kwawo pa nambala ya kuseri kwa khadi, kuwauza kuti chiphaso ndi nambala ya akaunti zili m'manja mwa akuba. Anaimbiranso kukampani imene anatumizira ndalama pafoni. Kumeneko analemba dandaulo, koma anati ndalamazo zinatapidwa kalekale. Tinasintha mawu achinsinsi a imelo ndi a tsamba lija, chifukwa akubawo anawatumiziranso fomu ina imene inawapempha kuti alowe ndi mawu omwewo. Kenako tinainenera akaunti yabodzayo, kachitatu kwa ine. Tsambalo linatithokoza mwaulemu kwambiri.

Ndinakwera kwa abwana. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwafunsa ngati sitingawapatse bambowa ngakhale ganyu.

"Tili naye kale wa zamagetsi," anatero abwana, maso ali pakompyuta. "Ndipo tikamutenga ameneyu, mawa pageti padzaza anthu onyamula makalata abodza. Si ife tinamubera."

"Nanga chenjezo lija?"

Anapumira m'mwamba. "Lembani. Koma likhale lalifupi."

Likanakhala lalifupi miyezi iwiri yapitayo, bambo aja bwenzi ali kuhotela akukonza masoketi. Sindinanene zimenezo. Ndili ndi lendi yanga nanenso.

Nditatsika ndinawapeza atakhala mmene ndinawasiyira, bokosi lawo lili pakati pa mapazi. Ndinawapempha nambala ya mkulu wa ofesi yolemba anthu ntchito kuhotela kwawo. Anazengereza.

"Ndinatsanzika monyada, mayi. Ndinawauza kuti kwina andiona kufunika."

"Manyazi sapha munthu, bambo. Bweretsani nambalayo."

Ndinaimba ndekha, iwo akumva. Anayankha mayi wa mawu otopa, mnzanga pa ntchito ngakhale sitidziwana. Ndinadzifotokoza, ndinanena zimene zachitika, ndipo ndinalonjeza kulemba kalata yochitira umboni kuti bambowa anapusitsidwa ndi anthu ogwiritsa ntchito dzina langa.

"Ayi, zandikhudza," anatero mayiyo. "Munthu ameneyo sitinayambanepo naye. Zaka zonsezi sanachedwepo olo tsiku limodzi. Koma hotela singagone opanda wa zamagetsi. Tinalemba wina sabata yachiwiri ya notisi yawo, ndipo iwo omwe ndi amene amuphunzitsa mawaya a nyumba yonse. Wasaina kontirakiti ya zaka ziwiri. Ndimuchotse ndinene kuti walakwa chiyani?"

Ndinapempha, ndinachonderera, mpaka ndinafunsa ngati sangawatenge pa masiku amene winayo ali pa holide. Anati awasungira dzina. Ine ndimawadziwa mawu amenewo, ndimawanena kangapo pa sabata.

Nditadula foni sindinadziwe koyang'ana. Ndalembapo anthu ambiri ntchito, ndachotsapo ena, koma sindinayambe ndadziona wopanda mphamvu ngati tsiku limenelo. Nkhope imene inawagwetsera m'dzenje inali yanga, ndipo ndinalibe choti n'kuwatulutsira nacho. Ndinawauza kuti ndifunsa anzanga a m'makampani ena, ndipo anandithokoza. Kundithokoza kumeneko kunandipweteka kuposa akanandilalatira.

Anaimirira, ananyamula bokosi lawo ndi mapepala a kupolisi, n'kufika pachitseko. Pamenepo anaima.

"Mayi, ndipempheko chinthu chimodzi."

"Nenani, bambo."

"Kupolisi ndipita mawa. Lero mundilole ndikhale pabenchi yanu ya alendo ija mpaka faifi koloko. Sindisokoneza munthu. Mayi a kunyumba andiperekeza mpaka pa siteji m'mawa uno. Apongozi anga abwera dzulo kudzatisangalalira. Ndikafika masana adziwiratu ndisanatsegule pakamwa, ndipo mawu oti ndiwauze sindinawapeze."

Ndinauza mtsikana wa polandirira alendo kuti asawafunse kanthu. Tsiku lonse ndikadutsa ndi mafayilo ndinkawaona ali pomwepo, msana uli chilili, osagwira ngakhale nyuzipepala. Masana ndinawatumizira tiyi, ndipo anamwa theka.

Faifi itakwana, antchito athu anayamba kutuluka, akuseka, akutsanzikana. Bambo aja anadzuka, anakonza kolala ya shati, n'kulowa pamzere wa anthu oweruka. Mlonda anawatsegulira geti ngati ena onse n'kuwauza kuti tionana mawa.