Kadontho Kosowa M'chikalata cha Atelala

Loya anachiwerenga chikalatacho ali chiimire, foni ili kukhutu, kenako anachibweza kwa Atelala.

"Nkhani yonse ilimo, bambo. Kachioneninso bwino. Mukasayina mawa pamaso pa wolumbiritsa, sitidzasinthanso ngakhale chilembo chimodzi."

Chikalatacho chinali chopita kukhoti. Mkazi wa Atelala anali atamwalira chaka chapitacho, n'kusiya mwana wamkazi amene anabwera naye pabanjapo akadali woyamwa. Bambo ake omubereka anatisiya mwanayo asanabadwe. Mwanayo anakulira pansi pa makina osokera a Atelala, akutola mabatani ogwa n'kumawasanja pa simenti, mpaka msewu wonse unkangomutchula kuti Kabatani. Tsopano agogo ake, makolo a malemu mayi ake, anali atapempha khoti kuti liwapatse mwanayo, poti magazi ndi awo. Woweruza analamula kuti mbali iliyonse ilembe mawu ake.

Atelala analemba awo pa tebulo lodulira nsalu, makasitomala akatalikira, n'kukataipitsa pa shopu ya makompyuta ya tsidya la msewu. Anachiwerenga chikalatacho kambirimbiri moti ankatha kuchinena pamtima. Cholakwika sankachiona. Komabe masana amenewo anatseka shopu, n'kukwera basi kupita kwa mlongo wawo wamkulu.

Achemwali awowo anagwira ntchito moyo wawo wonse pa kampani yosindikiza mabuku, akusaka zolakwika buku lisanalowe m'makina. Matenda a shuga anawalanda maso. Ankakhala m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mankhwala, momwe chilichonse chinali ndi malo ake osasintha: wailesi pawindo, ndodo kuseri kwa chitseko, makapu awiri pa shelefu. Atelala ankadziwa kuti kusaka zolakwika ndiyo inali ntchito ya achemwali awo, koma anali asanawaonepo akuigwira.

"Ndabwera ndi pepala, achemwali. Kungoti sindikudziwa kuti muliona bwanji."

"Makutu mwandibisira kuti? Khalani apo. Muwerenge pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro muzizitchula. Pali kadontho muziti mpumiro, pali kamchira muziti mpatuliro. Pamene palibe, musaikepo ndi pakamwa."

Anapinda manja pamiyendo, n'kupendeketsa mutu ngati munthu womvetsera mvula ikubwera patali. Atelala anayamba. Kutchula zizindikiro kunkawachititsa manyazi, ngati mwana wa sukulu, koma anapitiriza mpaka kumapeto osadulidwa.

Achemwali anawongola mutu.

"Mwalemba bwino, achimwene. Sindikanaganiza kuti mutu umene unkaopa galamala uja ungatulutse zotere. Mawu anu sindiwakhudza. Tingochotsa timiyala tili mumsewu. Bwererani pa ndime yachitatu, chiganizo chachiwiri."

Atelala anadabwa kuti ndimezo aziwerenga liti. Anawerenganso: "Ndinamulonjeza mkazi wanga kuti mwanayu sadzasiya sukulu."

"Mwapunthwanso pomwe paja. Pakati pa 'wanga' ndi 'mwanayu' mukukoka mpweya. Ikani chala pa liwu lililonse."

Anaika chala. Mzere unathera pa "kuti", ndipo mzere wotsatira unayambanso ndi "kuti". Kuti kuti. Iwo anali ataliwerenga pepalalo sabata yathunthu, loya analiwerenga, wotaipa analiwerenga. Anayang'ana maso a achemwali awo, otuwa ngati mkaka wothira madzi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Diso limalumpha, chifukwa likudziwa kale zimene munkafuna kunena. Koma lilime limadziwa kuti lalumpha chinthu. Chongani ndi pensulo m'mbalimo. Tiyeni kwa 'kwambiri' wanu."

"Walakwa chiyani 'kwambiri'?"

"Mumamukonda kwambiri, amakhoza kwambiri, munadandaula kwambiri, mukupempha kwambiri, zonsezo m'ndime imodzi. Akamafika pa wachinayi, woweruza wasiya kale kumumva. Sankhani mmodzi amene simungagone popanda iye."

Atelala anasiya wa pa chikondi, enawo anawadula. Atawerenganso, ndimeyo inamveka ngati munthu amene wasiya kukuwa n'kuyamba kulankhula.

"Nanga 'mwana wanga'? Nayenso ali paliponse. Ndichotse?"

"Ameneyo musiyeni. Kubwereza kwina n'kupunthwa, kwina n'kuponda dala. Ameneyo mukuponda dala, ndipo ndi nkhani yonse imene mukupitira kukhoti."

Anawatuma kuti ateleke tiyi. Madzi ali pamoto, achemwali anayamba kunena okha, osafunsa pepala, ziganizo za m'ndime yachisanu monga momwe zinalembedwera.

"'Kabatani ankadzuka yekha m'mawa. Ankakonda masamu. Ankandidikira pakhomo la shopu.' Achimwene, mwanayu ali kuti panopa?"

"Ali kusukulu."

"Amadzukabe yekha?"

"Eya."

"Nanga bwanji mwamulemba ngati anapita kalekale? Pamwambapa munayamba bwino, amadzuka, amasewera. Mutangotchula za kukhoti, aneni onse atembenukira kumbuyo. Ndiye mverani izi. 'Mkazi wanga ndi munthu wodekha. Akufuna kuti mwanayu aphunzire.' Wamoyo mwamuika m'mbuyo, amene anatisiya mwamuika pano."

Atelala anaima ndi kapu m'manja. Anatenga pepala n'kuyang'ana. Zinali momwemo, mzere ndi mzere. Sanakumbuke kuti anasankha kulemba choncho. Anakhala pansi, ndipo ketulo inalira mpaka achemwali anadzuka okha kukaiphula, akuyenda mosaphonya pakati pa mipando.

"Si inu nokha," anatero atabwerera. "Dzanja limalemba kumene mtima uli. Koma woweruza sakudziwani. Akawerenga 'ankandidikira', adzafunsa kuti kodi mwanayu anasiya liti kukhala ndi inu. Akawerenga 'akufuna', adzabwerera pamwamba kukaona ngati mlamu wanga alipo. Munthu akamabwerera m'mbuyo kukafufuza, wasiya kukumverani."

Anakonza mneni mmodzimmodzi. Pa mwana, "ankadzuka" anakhala "amadzuka". Pa malemu, Atelala analemba "anali" ndi "ankafuna".

"Pali kenanso," anatero achemwali. "Mwalemba kuti 'ndimamulipirira sukulu'. Mukamanena pakamwa ndikumva kuti ndi mpaka pano, chifukwa mawu anu akukwera pamene akuyenera kukwera. Koma nenani liwu lomwelo mwa mtundu wina, likhala la kale. Pepala lilibe mawu okwera ndi otsika. Onjezani 'mpaka lero', ngati zili zoona."

"N'zoona."

"Lembani. Tsopano muwerenge kuchokera kumapeto, chiganizo chimodzichimodzi, kubwerera kumayambiriro. Nkhani ikasokonekera, diso limasiya kuthamanga."

Sanapite patali. Chiganizo chachiwiri kuchokera pansi chinali chakuti: "Sindikufuna kuti apite kwa agogo ake azipitako pa tchuthi chilichonse monga kale."

"Imani. Ulendo woyamba munapuma pambuyo pa 'apite', koma simunati mpumiro. Ndimadikira kuti ndimve ngati munaiwala kutchula. Alipo?"

Atelala anayandikitsa pepala kumaso. "Palibe."

"Ndiye werengani ngati munthu amene sakudziwa mtima wanu. Werengani ngati apongozi anu."

Anawerenganso. Sindikufuna kuti apite kwa agogo ake. Ndi zimene aliyense akanaona poyamba, m'chikalata cholumbirira, chosayinidwa ndi dzanja lawo. Chonsecho iwo ankatanthauza kuti sakufuna kuti mwanayo achoke pakhomo, koma kwa agogo ake azipitako.

"Kadontho kamodzi," anatero Atelala motsitsa mawu.

"Ndi chilembo chachikulu pa 'Kwa'. Musaiwale, zimayendera limodzi."

Anabaya kadonthoko mwamphamvu mpaka pensulo inaboola pepala. Kenako anangokhala, akuwayang'ana achemwali awo akumwa tiyi. Anakumbukira kuti ali ana ankawaseka kuti amalipidwa chifukwa chosaka nsabwe m'mabuku a anthu ena. Lero anaona ngati wakhala pafupi ndi dokotala amene akumva nthenda pongogwira dzanja.

"Mukakataipitsanso, mubwere nacho," anatero achemwali. "Pokonza cholakwika chimodzi pamabadwa china."

Anabwereradi dzuwa lisanalowe, ndipo chinalipo. Pochotsa "kuti" wobwereza uja, wotaipa anachotsa onse awiri. Atelala anachigwira okha, chala chili pa mzere, achemwali asanatsegule pakamwa.

"Mwayamba kundilanda ntchito," anatero achemwali akuseka.

Tsiku la mlandu, chipinda chinali chaching'ono kuposa mmene Atelala ankaganizira: tebulo lalitali, fani yozungulira mwaulesi, mafaelo omangidwa ndi zingwe. Apongozi aamuna anakhala tsidya lina atavala jekete la maliro a mwana wawo, osayang'ana kumbali. Apongozi aakazi ankapotokola kampango m'manja. Kabatani anali panja ndi mayi wa ofesi yoona za ana.

Woweruza, mayi wa magalasi okhuthala, anawerenga zikalata zonse ziwiri mwakachetechete. Pa cha Atelala sanabwerere m'mbuyo ngakhale kamodzi. Atafika kumapeto anakweza mutu.

"Pali mawu apa amene ndikufuna agogo awamve." Anawerenga momveka, n'kupuma pamene panali popumira. "'Sindikufuna kuti apite. Kwa agogo ake azipitako pa tchuthi chilichonse monga kale.' Bambo, mukuimabe pa mawu amenewa?"

"Ndikuima pomwepo."

Apongozi aamuna anatembenuka koyamba. "Ife tinamva kuti mukufuna kutibisira mwanayu. Kuti mukapambana pano, basi, sitidzamuonanso."

"Ndani angabise mwana kwa agogo ake, bambo? Akamaseka ndimaona mayi ake. Inunso muyenera kumawaona."

Apongozi aakazi anaphimba nkhope ndi kampango kaja. Woweruza anapereka nthawi kuti mbali ziwirizo zikambirane pazokha, ndipo sizinatenge nthawi yaitali. Atamvanso lipoti la mayi wa ofesi ya ana, analamula kuti Kabatani akhalebe ndi bambo amene anamulera, ndipo masiku a tchuthi alembedwe m'chigamulo.

Pakhonde, mwanayo anathamangira kwa agogo ake aakazi, kenako kwa Atelala, kenako anaima pakati osadziwa dzanja loti agwire. Apongozi aamuna anakhosomola, akuyang'ana mkono wa jekete lawo pamene ulusi unali utayamba kumasuka.

"Kodi shopu ija mumatsegula Loweruka?"

"Timatsegula, bambo."

"Ndibwera nalo jeketeli. Mwanayu adzandisonyeze njira kuchokera pa siteji."