Dzina la Amayi pa Foni ya Mkamwini

Mwana wa achimwene anga atabereka mtsikana, anafuna kumupatsa dzina la agogo ake, malemu amayi anga. Dzinalo sindilitchula, anandilera ndi makofi. Koma mwamuna wake, wokonza magetsi, anakana.

“Azakhali, onani,” anatero mkamwiniyo, akundikankhira foni pamphuno. “Likutanthauza nyanja yowawa. Mwana wanga ayambe moyo ndi kuwawa?”

“Yanga ikuti nyenyezi ya panyanja!” anayankha mkazi wake ali pabedi, misozi ili mbwembwembwe. Agogo akewo ndi amene anamulera.

Khanda linakhala lopanda dzina, tikungoliti “Uyu”. M'nyumba anthu ankalankhulana kudzera mwa ine ngati ndine waya. Nditatopa ndinavala nsapato zanga zofinya zija, ulendo ku laibulale ya pakoleji.

Woyang'anira mabuku anali mayi wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Ndinamufotokozera zonse, mokweza pang'ono, mpaka ophunzira anadzutsa mitu.

“Mwanawe, ndiuze kuti ndi nyenyezi, ndizipita. Mapazi akuwawa.”

“Khalani pansi, amayi.” Anabwera ndi chibuku cha mayina, cholemera ngati njerwa. “Funso loyamba si lakuti likutanthauza chiyani. Timayamba tafunsa kuti linalembedwa koyamba m'chinenero chanji, ndipo linkalembedwa bwanji.”

“Ine ndafunsa tanthauzo, osati kumudzi kwawo.”

“N'zomwezo. Ili timalipeza koyamba m'Chiheberi. Anthu akale analimvetsera, n'kulidula pawiri. Chidutswa chimodzi chinamveka ngati ‘nyanja’, chinacho ena anati ‘kuwawa’, ena ‘dontho’. Koma kumveka mofanana si umboni. Anthu awiri a mphuno zofanana sakhala pachibale chifukwa cha mphunozo.”

“Nanga nyenyezi?”

“Imeneyo ndiye yosavuta. Wina analemba m'Chilatini kuti ‘dontho la nyanja’. Okopera pamanja anasintha chilembo chimodzi, dontho linasanduka nyenyezi. Anthu anaikonda, basi inakhala.”

Mtima unangoti phwa. Nyenyezi yathu inali kuphonya kwa dzanja la munthu wa tulo!

“Koma mafoni ambirimbiri akunena zomwezo,” ndinatero.

“Amakoperana. Mboni imodzi ikasintha malaya kakhumi sikhala mboni khumi. Muziona ngati atchula kumene azitenga.” Anatsitsa chala m'munsi mwa tsamba. “Akatswiri ena akuganiza kuti linachokera ku chinenero cha Aiguputo akale, ku mawu otanthauza ‘wokondedwa’.”

Ndinadumpha. “Eya! Limenelo! Ndilembere, udinde ndi chidindo.”

“Apa alemba kuti ‘mwina’, amayi. Ndipo amaliza ndi mawu akuti chiyambi chake sichidziwika bwino.”

“Uphimbe ‘mwina’ ameneyo ndi chala, ndani aone?”

“Sindingatero.”

“Ndikupezera mwamuna.”

“Ndili naye.”

“Wabwinoko.”

Anaseka, koma chala sanaphimbe nacho. Chibuku chonse chija, sukulu yonse ija, yankho n'kukhala “sitikudziwa”? Limenelo ndikanalipereka ndekha ndili kunyumba, nsapato nditavula.

Pobwerera m'basi ndinkati “mwina” uja ndimutaye pawindo. Koma mkamwini ndi munthu woyesa waya kawiri asanamugwire. Akanandigwira bodza, dzina likanapita nalo limodzi. Ndiye nditafika ndinakhuthula zonse: nyenyezi yabodza, kudula dzina ndi makutu, wokondedwa wa “mwina”.

Mwana wa achimwene uja anatembenukira kukhoma. “Ndiye mwapita kukandiphera nyenyezi yanga, azakhali?”

“Mwamva?” anatero mkamwini. “Likhoza kukhala kuwawa ndithu.”

“Likhozanso kusakhala. Tandiuzani, bambo a Uyu, wakuuzani za kuwawayo ndani? Dzina lake, ndi kumene anaziwerenga.”

Anaseweretsa chala pafoni, kutsika, kutsika. Pansi anapeza malonda a matewera. Anatsegula tsamba lina: mawu omwewo, ngakhale malo olakwitsa kalembedwe anali omwewo. Lachitatu chimodzimodzi.

“Sanalembe,” anang'ung'udza.

“Inuyo mungalumikize nyumba ya eni ndi waya wosadziwika kumene wachokera?”

Mkamwini anakanda chibwano. Khanda linayamba kulira, palibe analinyamula, aliyense akudikira mnzake. Pomaliza anadzuka yekha, n'kulitenga mosadziwa bwino pogwira, n'kuliitana ndi dzina la amayi, chapansipansi ngati akuyesa babu latsopano. Mkazi wake sanatembenuke msanga, anali akadandikwiyira, koma mapewa ndinawaona akutsika.

Ndikuvula nsapato, mkamwini anandiyandikira.

“Azakhali, mawa mukafunseko langa. Foni ikuti limatanthauza mkango wolimba mtima.”

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana matuza a kumapazi kwanga.

“Mikango imayenda yokha, bambo. Basi mukwerera pakona apo.”