Juzi ya Amayi Ataitembenuza

Pa chionetsero cha zaulimi cha kwathu ku Tasmania, ntchito yanga ndi kunyamula makadi kumbuyo kwa woweruza zolukaluka. Iye amanena, ine ndimalemba. Chaka chino anatitumizira Mayi Petrakis, mayi wamaso ngati singano, wosadziwa aliyense m'tauni mwathu.

Juzi yoyamba sanachedwe nayo. "Lembani: ulusi wokhuthala, kebulo yopotana bwino ngati chingwe, koma ribu, mphepete ya m'mikono, yatayirira."

Kenako anafika pa nambala 14. Makadi sakhala ndi mayina, komabe ndani sadziwa juzi ya amayi anga, a Noelene Tuckett? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutenga mphoto yoyamba ya zoluka pamanja, ndipo ku tchalitchi anthu amawapatsa moni ndi dzina la mphotoyo. Juziyo inali ya ubweya wosalala wa nkhosa za merino, mitundu itatu, masamba ofiira pa buluu. Ine mtima dyokodyoko kunyada.

Mayi Petrakis anaika rula n'kuwerenga masitichi. Anawerenganso kachiwiri.

"Makumi anayi ndi asanu ndi atatu pa masentimita khumi," anatero. "Geji imeneyi, masitichi othinana chonchi, ndi manja? Ndi manja a mngelo kapena?"

"Alipo aluso kuno, mayi," ndinayankha nditakwiya kale.

Anaitembenuza juziyo, kunja kukhala mkati.

"Taonani. Woluka pamanja akamasintha mitundu, ulusi umene sakuugwiritsa ntchito umadutsa kuseri, tizingwe tolendewera. Tili kuti apa? Kuseri konse kwalukika, timadontho tokhatokha. Iyi ndi jakadi, kalukidwe ka makina a ku fakitale." Anapisa chala m'msoko wa m'mbali natulutsa kachidutswa koyera, kotsala pamene anadula lebulo. "Lembani: si ya pamanja, yachotsedwa."

Mayo ine! Cholembera chinandikana. Ndinalemba ndithu, anzanga a komiti ya chionetsero atangoti kukamwa yasaa.

Amayi ndinawapeza mu tenti ya tiyi, sikono ali pa mbale. Ndinaima patsogolo pawo ndi manyazi ndi ukali.

"Amayi, mwachita chiyani? Juzi yogula? Khadi ndalemba ndine, ndi dzanja langa!"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Waitembenuza eti? Woweruza wakale uja sankatembenuza."

"Wakale uja? Mukutanthauza kuti ya chaka chatha..."

"Ndi ya chaka chinacho yomwe."

Ndinakhala pansi. "Chifukwa chiyani, amayi? Inu amene munandimasulitsa mkono wonse wa juzi chifukwa cha sitichi imodzi?"

Anaika manja awo pa tebulo. Zala zinali zotupa m'mfundo, zopindikira kumbali, chala chachikulu chosatha kukumana ndi chinzake.

"Kerrin mwana wanga, singano ndinasiya kugwira zaka zitatu zapitazo. Ndinkangodikira kuti wina wa inu andifunse. Iwe umabwera Lamulungu lililonse, ndipo umandibweretsera ulusi."