Mzere wa Malichi

Mayi wina, mwini shopu ya sopo, anayamba kukayikira mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, amene anamulemba ntchito yoitanira malonda pa intaneti. Bamboyo ankadzitama kuti wabweretsa makasitomala atsopano ambirimbiri, koma malonda sankakula.

Mayiyo anatsegula maoda onse pakompyuta. Kasitomala aliyense, pomuzindikira ndi nambala ya foni, anamuika mumzere wa mwezi umene anagula koyamba, kenako anawerenga amene anagulanso m'miyezi yotsatira. Mwa a Januwale ndi a Febuluwale, pafupifupi theka anabweranso. Mzere wa Malichi, mwezi umene mlamuyo anayamba ntchito, unayamba wonenepa, koma kutsogolo kwake kunali mbee.

"Alamu, anthu anuwa amasamba kamodzi pachaka?" mayiyo anafunsa mlamu wake.

"Apatseni nthawi, alamu. Sopo wanu sakutha msanga."

"Nthawi iti? Tili mu Julayi."

Mayiyo anayang'ananso maoda a Malichi limodzilimodzi. Manambala a foni anali osiyanasiyana, onse ogula pamtengo wotsika wa kasitomala watsopano, koma katundu wambiri ankatsitsidwa pageti limodzi. Getilo ankalidziwa bwino, linali la mlamuyo.

"Mawa musavutike kubwera," anatero. "Mng'ono wanga ndikamuuza ndekha."