Mawu Amene Sanakwane mu Meseji

Masana telala anaimitsa makina n'kutulutsa foni kuti alembere mwana wake wamkazi amene amagwira ntchito kutali. Analemba zonse: moni, za opareshoni yake ya diso Lachisanu, za denga lodontha, komanso kuti chimwalirireni mkazi wake nyumba yamukulira.

Pakona pa foni panaoneka 3, kutanthauza mameseji atatu. Imodzi imathera pa zilembo 160, ndipo mayunitsi ake anali a imodzi basi.

Anayamba kudula ngati nsalu yoperewera. Moni anachoka. Denga linachoka, lizidonthabe ngakhale alembe. Za nyumba anachotsanso, koma panali 2. Tsiku ndi dzina la chipatala sakanazichotsa. Anayang'anitsitsa mawu omaliza akuti, "Ndikuopa kupita ndekha, ubwere." Anawafufuta chilembo chimodzichimodzi mpaka 2 anasanduka 1, n'kutumiza.

Foni inalira ali mkati mopinda mpendero wa siketi. Mwanayo anali atayankha kuti, "Chabwino bambo, muyende bwino."

Anaiyang'ana nthawi yaitali mesejiyo. Malo otsala mu yankho la mwanayo anali ambiri, okwana mawu onse amene iye anafufuta aja.